Mlandu Suola, Koma Ngongole Imaola

Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya ndalama, komanso ndi ya mawu, chifukwa ndaona kuti ambiri a ife timaluza ndalama zathu chifukwa chosowa mawu oyenera ozifunsira. Maganizo anga ndi akuti uthenga wokumbutsa munthu ngongole uyenera kukhala waulemu pa kayitanidwe ka munthuyo, koma wosabisa kanthu pa chiwerengero cha ndalama ndi tsiku lobweza. Ambiri timachita motembenuza. Timabisa chiwerengero poganiza kuti ndiwo ulemu, kenaka mtima ukadzaza timatulutsa mawu onyoza poganiza kuti ndiko kulimba.

Ine ndimakhala ku Tembisa, mu mzinda wa Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Ndimachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni dziko, ndipo m'kachipindamo ndimagulitsa zakudya ndi zovala zakumudzi: mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, mtedza, ufa wa kondowole ndi zitenje. Katunduyu amabwera pa basi kudzera ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, ndipo amene amandibweretsera safuna kumva za mawa. Amafuna ndalama yake katundu akangotsika. Koma makasitomala anga ambiri ndi anthu a kwathu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Isando, ku Spartan ndi ku Jet Park, ena m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini a mabwana ku Kempton Park ndi ku Edenvale. Anthuwa amalandira kamodzi pamwezi, ena Lachisanu lililonse, ndipo pakati pa mwezi m'thumba mumakhala mouma. Ndikati ndisakongoze aliyense, ndiye kuti ndatseka. Choncho kukongoza sindingakupewe. Funso limene limandivuta ndi la chimene ndinganene tsiku lolonjezedwa likadutsa.

Ndiyambe ndi kuvomera kulakwa kwanga, chifukwa pamenepa ndi pamene ndinaphunzirira. Bambo wina wa kwathu, amene ndimamutcha achimwene ngakhale si wa bere limodzi, anatenga katundu kawiri m'mwezi wa Malichi chaka china. Pa 3 Malichi anatenga mpunga wa R380 ndi usipa wa R210. Pa 17 Malichi anabweranso natenga zitenje ziwiri za R360 zoti atumizire akazi awo kumudzi, nyemba za R140 ndi mtedza wa R150. Zonse pamodzi zinakwana R1 240. Pa 28 Malichi anandipatsa R300, ndipo tinagwirizana kuti R940 yotsalayo adzamaliza pa 25 Epulo akalandira. Tsikulo linafika n'kudutsa. Ine ndinangokhala duu. Mwezi wa Meyi uli pakati ndinalimba mtima n'kulemba pa WhatsApp kuti: "Achimwene, mwatitaya masiku ano. Ndimati ndingokukumbutsani za kaja." Yankho linabwera msanga ndithu: "Ndikudziwa achemwali, musadandaule, ndiona."

Tawonani bwino mawu amene tinalemberanawo. Ine ndinati "ndimati", ngati kuti maganizo okumbutsawo anali akale ndipo tsopano ndawasiya. Ndinaikamo "-ngo-" kuti pempho langa lichepe. Ngongole ya R940 ndinaitcha "kaja", kanthu kakang'ono kopanda dzina. Chinenero chathu n'cholemera kwambiri pa njira zofewetsera pempho, ndipo njirazi n'zabwino popempha mchere kwa mnansi kapena polankhula ndi apongozi. Koma pa ngongole zimauza mnzako kuti nkhaniyo siyofulumira. Achimwenewo anandiyankha m'chinenero chomwecho chimene ndinayamba nacho. "Ndiona" si bodza, koma si lonjezo. Alibe tsiku, alibe chiwerengero, ndipo munthu sangadzamugwire nawo pakamwa. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo "ndiona" ndiko kuviika kwenikweniko. Sindingawadzudzule kwambiri, pakuti ndine ndinawatungira madziwo.

Mwina wina anganene kuti R940 si ndalama yodanirana ndi munthu wa kwanu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa katundu wa R100 amene ndagulitsa, phindu langa limakhala pafupifupi R20 ndikachotsa mtengo wogulira ndi wonyamulira. Ndiye kuti mu R940 ija, R752 ndi mpamba wanga weniweni, ndalama imene ndinaitulutsa kale m'thumba. Kuti ndibweze R752 kuchokera m'phindu, ndiyenera kugulitsa katundu wina wa R3 760, ndipo ndikatero ndiye kuti ndangobwerera pamene ndinali, osapeza kanthu. M'buku langa munali anthu ena angapo otero. Basi itafika kumayambiriro kwa Juni ndinalephera kuwombola thumba limodzi la mpunga, ndipo linapita kwa mnzanga wa ku Germiston amene anali ndi ndalama m'manja. Usiku umenewo ndinakumbukira mwambi uja wakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pa 20 Juni, kutatsala masiku asanu kuti alandire, ndinalemba uthenga wina. Ndiuika pano wonse monga ndinaulembera, chifukwa ndi umene ndakhala ndikugwiritsa ntchito kuyambira pamenepo, kungosintha ziwerengero.

"Achimwene, mwaswera bwanji? Ndikhulupirira kuti alamu ndi ana kumudzi ali bwino. Ndakulemberani pa nkhani ya katundu amene munatenga pa 3 ndi pa 17 Malichi. Zonse zinali R1 240. Munapereka R300 pa 28 Malichi, ndipo yatsala R940, imene tinagwirizana kuti mudzamaliza pa 25 Epulo. Chonde onani ngati ziwerengerozi zikugwirizana ndi zanu, ndipo ngati ndalakwitsa pena mundiuze. Ndikupempha kuti ndalamayi ifike pa 25 Juni, pamanja kapena pa akaunti imene ndalemba m'munsimu. Ngati simungathe yonse nthawi imodzi, ndiuzeni lero kapena mawa kuti pa 25 mudzapereka zingati, ndipo yotsalayo mudzamaliza liti. Kufikira titamaliza nkhaniyi sinditha kukupatsani katundu wina pangongole, koma pogula ndi ndalama pamanja khomo ndi lotsegula monga kale. Zikomo kwambiri."

Ndifotokoze chifukwa chake uthengawu uli momwemu. Moni ndi kufunsa za kunyumba zili poyamba chifukwa kwathu munthu salowa m'nyumba ya mnzake ndi nkhani pakamwa asanapereke moni. Koma moniyo ndi wa mizere iwiri yokha. Ukatalikitsa moni, mnzako amayankha moniyo n'kusiya nkhani. Kayitanidwe ka ulemu, "achimwene", "munatenga", "mundiuze", sikasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ulemu wonse wa uthengawu wagona pamenepo, ndipo ndi wokwanira. Sipafunikanso kuchepetsa ngongoleyo kuti munthu aone kuti ukumulemekeza.

Kenaka pali masiku ndi ziwerengero. Ndinalemba zimene anatenga, zimene anapereka kale ndi zimene zatsala. Kutchula R300 imene anapereka n'kofunika kwambiri, chifukwa kumamusonyeza kuti buku langa ndi loona ndipo sindinaiwale chabwino chimene anachita. Kumupempha kuti aone ngati ziwerengero zikugwirizana ndi zake ndi ulemu, pakuti inenso ndine munthu ndipo ndingalakwitse. Komanso kumatseka njira ya mkangano wa mtsogolo. Munthu akayankha kuti "inde ndi zomwezo", nkhani ya kuchuluka kwa ngongole yatha, kwatsala ya tsiku lokha.

Tsiku lenilenilo ndinalisankha mosamala. Kukumbutsa munthu ngongole pa 12 mwezi uli pakati ndi kungomuvutitsa, chifukwa ngakhale atafuna alibe. Kumukumbutsa pa 28 ndi kuchedwa, pakuti ndalama ya mlendo ku Joni sigona. Lendi imadikira, ya thiransipoti ya mwezi wonse imadikira, ndipo kumudzi foni imayamba kulira malipiro asanalowe. Munthu amagawa malipiro ake m'mutu masiku angapo asanawalandire, ndipo wangongole amene sanalankhule sakhala nawo pa kugawako. N'chifukwa chake ndimalemba kutatsala masiku anayi kapena asanu. Kwa olandira Lachisanu lililonse ndimalemba Lachitatu.

Chinthu china chimene ndinachita dala ndi kusiya kufotokoza mavuto anga. Poyamba ndinkafuna kulemba za thumba la mpunga lija, za lendi yanga ndi za fizi ya mwana. Ndinazifufuta. Ukayamba kudandaula za mavuto ako, nkhani imasanduka mpikisano wa amene akuvutika kwambiri, ndipo wokongolayo nthawi zambiri amapambana chifukwa mavuto ake ndi enieni. Komanso zimamveka ngati ukupempha thandizo, pamene ukufunsa chako. Ngongole iyenera kubwezedwa chifukwa inatengedwa, ngakhale mwini wake atakhala kuti sakusowa kanthu.

Pomaliza pali chotsatira chake. Ndinatchula chinthu chimodzi chokha, chimene chili m'manja mwanga ndipo ndingathe kuchichita popanda kukwiya: kuleka kukongoza. Sindinanene kuti ndikawauza akazi awo, kapena abwana awo, kapena apolisi. Chiopsezo chimene sungachichite chimachepetsa mawu ako onse, ndipo chimene ungachichite koma n'chonyansa chimakusandutsa wolakwa pa mlandu umene unali wokhoza. Mawu akuti khomo ndi lotsegula pogula ndi ndalama pamanja ndinawaika chifukwa ndinaona kuti wangongole wamanyazi amayamba kuzemba. Amakagula kwa wina ndi ndalama imene akanakupatsa, kungoopa kukumana nawe. Ukatero waluza ngongole, waluzanso kasitomala.

Achimwene aja anayankha madzulo a tsiku lomwelo. Anavomera kuti ziwerengero ndi zoona, napepesa, nanena kuti maola a ntchito anawachepetsera ndipo yonse sangathe. Tinagwirizana kuti apereke R400 pa 25 Juni, R300 pa 25 Julayi ndi R240 pa 25 Ogasiti. Ndinalembanso mgwirizanowo mu uthenga umodzi n'kuwapempha kuti ayankhe kuti avomera. R400 inalowa pa 26 Juni, ndipo ndinawathokoza nthawi yomweyo n'kulemba kuti yatsala R540. Pa 25 Julayi sipanalowe kanthu. Ulendo uno sindinadikire mwezi. Pa 27 Julayi ndinalemba kuti: "Achimwene, moni. R300 ya pa 25 Julayi sinafike. Ndikudikira mpaka pa 2 Ogasiti. Ikapanda kufika, ndidzapempha mkulu mmodzi wa kwathu amene tonse timamulemekeza kuti atikhazike pansi, ndipo ndakuuzani poyamba kuti musadzadabwe." Ndalamayo inafika pa 2 Ogasiti, ndipo R240 yomaliza inabwera kumapeto kwa mweziwo. Lero amagulabe kwa ine, ndipo timadyera limodzi nsima pa maliro ndi pa maukwati.

Sindikunena kuti uthenga wotere umabweza ndalama nthawi zonse. Chimene umachita mosalephera ndi kukuonetsa mtundu wa munthu amene ukuchita naye. Woiwala, kapena amene ankaganiza kuti sukufulumira, amalipira msanga ndipo nthawi zina amadabwa kuti unadikira chifukwa chiyani. Wosowa amayankha ndi chiwerengero, ngakhale chochepa, ndipo amatchula yekha tsiku. Munthu wotere ndi woyenera kumuleza mtima, chifukwa R100 pamwezi imene ikubweradi imaposa R900 ya pakamwa. Wosafuna kulipira amayankha moni n'kusiya funso, kapena amakwiya kuti wamuyesa wakuba, kapena amayamba kupeza zifukwa pa katundu amene anadya miyezi itatu yapitayo, kuti usipa unali wowawa, mpunga unali ndi miyala. Uthenga wa "kaja" sungakusiyanitsire anthu atatuwa, chifukwa onse amauyankha ndi "ndiona".

Tsopano ndifike pa mutu wa nkhani yanga. Kwathu timati mlandu suola, ndipo ambiri timakhulupirira kuti ngongole nayonso siola, kuti ngakhale patapita zaka khumi udzaipeza. Pa chikhalidwe zili choncho, koma pa malamulo a dziko la South Africa sizili choncho. Lamulo lotchedwa Prescription Act la mu 1969 limati ngongole wamba, monga ya katundu wogulitsidwa, imatha mphamvu pakapita zaka zitatu kuchokera tsiku limene inayenera kulipidwa. Zikatha zakazo, wokongolayo angathe kukana kukhoti ponena kuti nthawi inadutsa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kukumbutsa kwako pakokha sikuimitsa zakazo. Ungalembe mauthenga zana limodzi, nthawi ikuyendabe. Imayambiranso pamene wokongolayo wavomera kuti ngongoleyo ndi yake, kapena pamene wapatsidwa masamoni a khoti. Apa ndi pamene chiganizo chija chakuti "onani ngati ziwerengerozi zikugwirizana ndi zanu" chimagwira ntchito yachiwiri. Yankho lake lovomera ndi umboni, ndipo malamulo a kuno amalola mauthenga a pa foni kuperekedwa ngati umboni. Choncho musafufute macheza otere, ndipo ajambuleni n'kuwasunga pena, pakuti mafoni kuno amabedwa ndi kutayika.

Kwa amene wakana njira zonse, kuli khoti la milandu ing'onoing'ono, limene pa zikwangwani limalembedwa kuti Small Claims Court. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1984, limakhala m'nyumba za makhoti a majisitireti, ndipo mu 2019 malire a ndalama zimene limaweruza anakwezedwa kufika pa R20 000. Kumeneko maloya saloledwa kuimira munthu, aliyense amadzilankhulira yekha pamaso pa woweruza wotchedwa komishinala. Koma usanatenge masamoni uyenera kupereka kalata yofunsa ndalama yako, yopatsa wokongolayo masiku 14, ndipo kalatayo iperekedwe pamanja kapena pa positi yolembetsa, umboni wake n'kuusunga. Kalaliki wa khotilo amathandiza kulemba mapepala. Mukaona zofunika m'kalata imeneyo mudzapeza kuti ndi zomwe zija: ndani, anatenga chiyani, liti, yatsala zingati, alipire pofika liti. Amene anazolowera kulemba uthenga womveka ali kale ndi zonse m'manja.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima, ndipo ndi choona. Ambiri a ife kuno mapepala athu si okwanira, ndipo munthu wotere safuna ngakhale kudutsa pafupi ndi nyumba ya khoti. Wokongolayo amadziwanso zimenezo. Kwa anthu otere njira ya khoti ili ngati kulibe. Koma zimenezi zikulimbitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa. Ngati khoti lili kutali, ndiye kuti zida zimene watsala nazo ndi buku lako, mawu ako ndi mbiri yako pakati pa anthu a kwanu. Mkulu wa mpingo, wa ku mzikiti kapena wa bungwe la maliro akakukhazikani pansi, chinthu choyamba chimene amafunsa ndi chakuti munagwirizana zotani. Amene ali ndi uthenga waulemu, wa masiku ndi ziwerengero, ndi yankho lovomera, mlandu wake umatha msanga. Amene ali ndi "kaja" ndi mawu otukwana amapezeka kuti iyenso akupepesa.

Pali njira zitatu zimene ndikuona zikufala pakati pathu, ndipo ndikuzitsutsa poyera. Yoyamba ndi kuika chithunzi cha munthu pa magulu a WhatsApp kapena pa Facebook ndi mawu akuti wakuba uyu. Munthu amene wamuchotsera ulemu pagulu alibenso choti ateteze, ndipo chimene chikanamukakamiza kulipira ndi ulemu womwewo. Ukhozanso kuimbidwa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo makasitomala ena amaona n'kudziuza kuti mawa ndi iwo. Yachiwiri ndi kulowa m'chipinda cha munthu n'kunyamula wailesi, foni kapena chitofu. Malamulo a kuno salola munthu kudzitengera yekha katundu wa mnzake popanda chilolezo cha khoti, ngakhale ngongoleyo ili yoona, ndipo khoti lingakulamule kubweza katunduyo nkhani ya ngongole isanamvedwe n'komwe. Yachitatu ndi kusunga pasipoti kapena khadi la kubanki la munthu ngati chikole. Lamulo la ngongole la mu 2005, National Credit Act, limaletsa okongoza kusunga ziphaso ndi makhadi a kubanki a anthu, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kulanda mlendo pasipoti m'dziko la eni ndi kumuika m'kamwa mwa mkango chifukwa cha mpunga. Ndiwonjezerepo za chiwongoladzanja. Ngati simunagwirizane poyamba, musachiike mu uthenga ngati chilango. Chimapatsa wokongolayo chifukwa chokanganirana, ndipo nkhani imachoka pa ngongole yoona kupita pa ndalama yoonjezerayo.

Ena amati kulemba ziwerengero kwa munthu wa kwanu ndi chizungu, kuti ubale suyendera buku. Ine ndikuona mosiyana. Chimene chimapha ubale ndi ngongole yosatchulidwa. Munthu amakuona pa msonkhano n'kukhala mbali ina. Iwe umamuona wavala nsapato zatsopano n'kuyamba kuwerengera mumtima. Mumapatsana moni wa pakamwa pokha, ndipo nkhaniyo imayamba kuyenda m'makutu a anthu ena, kufika mpaka kumudzi, mwini wake asanaimve kwa iwe. Kumuuza munthu mwachindunji, payekha, ndi mawu aulemu, ndi kumutenga ngati wamkulu amene angathe kusunga pangano. Makolo athu pobwereketsa mbuzi kapena nkhokwe ya chimanga ankaitana mboni, ndipo palibe ankati kuitana mboni ndi kudana. Buku ndi uthenga wa pa foni ndizo mboni za ife amene tili kutali ndi bwalo la mfumu.

Ndivomerenso malire a zonsezi. M'buku langa muli maina awiri amene ndinawadula ndi cholembera. Wina anagwidwa n'kutumizidwa ku Lindela, kenaka kumudzi, alibe ngakhale chikwama. Wina anadwala nthawi yaitali, ntchito n'kutha. Kwa wachiwiriyu ndinapita ndekha n'kumuuza kuti ngongole ija ndaikhululuka, asaiganizirenso. Ndinaona kuti kukhululuka nakonso kumafuna mawu omveka ngati kufunsa komwe. Ukangokhala chete, mnzako amasenzabe katunduyo mumtima ndipo amakuzembabe, pamene iwe unaiwala kale. Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, koma umuuze kuti moto wazima. Ndipo ndimatha kukhululukira awiriwa chifukwa chakuti enawo, amene angathe, ndimawafunsa mosazengereza. Wogulitsa amene safunsa aliyense sakhala ndi chokhululukira, pakuti mpamba ukatha ngongole zonse zimafera limodzi ndi geniyo.

Anzathu a ku Zambia amati nkongole, ife timati ngongole, ndipo tonse timaseka kuti mawu akuti kukongola amanena za nkhope yabwino komanso za kutenga cha mwini. Pa tsiku lotenga katundu matanthauzo awiriwa amayendera limodzi, chifukwa wokongola amabwera ndi nkhope yowala ndi mawu okoma. Ntchito ya wogulitsa ndi kuyamba kulemba tsiku lomwelo, nkhope zikadali zowala: dzina, katundu, mtengo, tsiku lobweza, n'kumutumizira mwini wake pa foni asanatuluke pakhomo. Uthenga wokumbutsa umakhala wosavuta kulemba ngati pali uthenga woyamba woulozera.

Ndikufuna kumva kwa inu a ku Chipata, a ku Tete ndi a kumudzi, makamaka amene muli ndi maokala ndi magolosale, kuti mawu amene mumagwiritsa ntchito ndi otani pamene wokongolayo ndi wamkulu kwa inu, monga amalume kapena apongozi. Uthenga wanga uja ndinaulembera munthu wa msinkhu wanga. Kwa munthu wamkulu ndimaona kuti foni siyokwanira, ndipo ndimapita ndekha, n'kukhala pansi, n'kunena ziwerengero zomwezo ndi mawu otsika, kenaka n'kutumiza uthenga wotsimikiza zimene tagwirizana. Ngati kwanuko muli ndi njira ina yabwino, tiuzeni, pakuti m'buku langa muli dzina limodzi la munthu wotero, ndipo pa 25 sipali patali.